"Mkaka wanu uli ndi madzi": kodi lakitomita imaona chiyani ikamayandama mumkaka?

Mkangano wake ndi wodziwika m'malo osonkhanitsira mkaka a ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi kwina kulikonse kumene alimi amagulitsa mkaka pagulu. Mlimi wafika m'mamawa, chigubu chili pakaliyala ya njinga. Wolandira mkaka watunga pang'ono, waviikamo kagalasi kake, wapukusa mutu. "Bambo, lero sutheka, watsika." Mlimi akulumbira kuti sanathiremo ngakhale dontho, wolandira akungoloza kagalasiko, ndipo amene ali pamzere ayamba kale kugawikana.

Nthawi zina mlimiyo amakhala akunama. Nthawi zina amakhala akunena zoona, ndipo wolandirayo sananamenso. Zimatheka chifukwa lakitomita, kagalasi kamene timati kamagwira madzi mumkaka, sikaona madzi ayi. Kamangoyeza kulemera, ndipo zinthu zimene zimasintha kulemera kwa mkaka ndi zingapo. Madzi ndi chimodzi chabe mwa izo.

Magalamu 30 amene mlandu wonse wagonapo

Lita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, kapena kuti magalamu 1,000. Lita imodzi ya mkaka wa ng'ombe imalemera pafupifupi magalamu 1,030. Kulemera kwa chinthu pa lita imodzi chonchi akatswiri amakutcha densite, ndipo akamalemba ya mkaka amalemba 1.030. Kusiyana ndi madzi n'kochepa kwambiri moti dzanja silingakumve. Ngakhale ndowa ya malita 20 ya mkaka imaposa ya madzi ndi magalamu 600 okha.

N'chifukwa chiyani kusiyanako kuli kochepa chotere? Mkaka wochokera m'bere la ng'ombe ndi madzi kale, pafupifupi magawo 87 pa 100 alionse. Magawo 13 otsalawo ndi amene timagula. Ndipo magawo 13 amenewa ali m'magulu awiri okokerana mbali zosiyana.

Gulu loyamba ndi la zinthu zolemera kuposa madzi: shuga wa mumkaka, mapuloteni ndi michere. Zimenezi zimakwana magawo 8.5 mpaka 9, ndipo ndi zimene zimakweza densite. Gulu lachiwiri ndi mafuta, amene mumkaka wa ng'ombe zambiri amakhala magawo 3.5 mpaka 4 kapena kuposerapo. Mafuta ndi opepuka kuposa madzi. Aliyense amene anathirapo mafuta ophikira mumphika wa ndiwo anaona kuti amayandama. Lita ya mafuta a mkaka imalemera pafupifupi magalamu 930. Choncho mafuta akachuluka amatsitsa densite, ngati mmene madzi amachitira. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererakonso.

Kagalasiko

Lakitomita ndi galasi lotsekedwa, lonenepa kumunsi, lokhala ndi khosi lalitali lowonda. Pansi penipeni anaikapo cholemetsa kuti liziima chilili, ndipo m'khosimo muli kapepala ka manambala. Mmene imagwirira ntchito n'chimodzimodzi ndi dzira: m'madzi wamba limamira, koma mukasungunulamo mchere wambiri limayandama. Madzi olemera amanyamula zinthu mwamphamvu. Mumkaka wolemera lakitomita imayandama m'mwamba, khosi lalikulu n'kutuluka kunja. Mumkaka wopepuka imamira kwambiri.

N'chifukwa chake manambala ake anayenda chadodolido: ang'onoang'ono ali kumwamba kwa khosi, akuluakulu ali kumunsi. Woyamba kumene kuigwiritsa ntchito amasokonezeka apa, amawerenga mizere ngati lula ya kusukulu n'kupeza 32 pamene pali 28.

Manambalawo ndi chidule cha densite. Mukawerenga 30, ndiye kuti 1.030. Mukawerenga 27, ndiye kuti 1.027. Njira yolembera motere imadziwika ndi dzina la Quevenne, katswiri wa mankhwala wa ku France wa m'zaka za m'ma 1800, ndipo malakitomita ambiri a mtundu umenewu amayambira pa 15 kukathera pa 40. Mkaka wabwinobwino wa ng'ombe umapezeka pakati pa 28 ndi 33 kapena 34. Mabuku amasiyana pang'ono pa malire, ena amayambira pa 26, ndipo gulu lililonse limatsata malire amene linagwirizana ndi kampani yogula mkaka.

Kutentha: pamene anthu osalakwa amagwidwira

Chinthu chikatentha chimafufuma, ndipo lita imodzi imapepuka. Mkaka womwewo, wa ng'ombe yomweyo, umapereka nambala yotsika uli wofunda ndi nambala yokwera uli wozizira. Pa chifukwa chimenechi lakitomita iliyonse inapangidwa kuti izinena zoona pa kutentha kumodzi kokha, ndipo kutenthako kunalembedwa pagalasi kapena pakapepala ka m'kati. Ena analembedwa 20°C, ena 15°C, ndipo ena opangidwa ku India analembedwa 27°C. Musanayeze kalikonse, yang'anani zimenezi. Malakitomita awiri olembedwa mosiyana sangapereke nambala yofanana mumkaka umodzi, ngakhale onse ali abwino.

Ngati mkaka suli pa kutentha kolembedwako, nambala imakonzedwa. Lamulo lofala ndi ili: pa digiri iliyonse imene mkaka watentha kuposa zolembedwazo, onjezani 0.2. Pa digiri iliyonse imene wazizira kuposa zolembedwazo, chotsani 0.2.

Tiyerekeze kuti gulu lina limalandira mkaka kuyambira pa 28, ndipo lakitomita yake ndi ya 20°C. Mayi wina wakama, khola lake lili pafupi, ndipo wafika mkaka usanazizire bwino. Themomita ikuonetsa 25°C, lakitomita ikuonetsa 27.5. Wolandira wongoyang'ana khosi la galasi awabweza mayiwo. Koma mkakawo wapitirira ndi madigiri 5, ndipo 5 kuchulukitsa ndi 0.2 ndi 1. Nambala yeniyeni ndi 28.5. Mkakawo ndi wolandirika.

Lamulo lomweli limalumanso mbali inayi. Mu Juni kapena Julayi, m'mawa wa chiperoni ku Thyolo, mkaka wa bambo wina amene wapalasa njinga mtunda wautali wafika uli pa 15°C, ndipo lakitomita ikuonetsa 28.5. Wongoyang'ana galasi aulandira. Komabe wazizira ndi madigiri 5, tichotsepo 1, tatsala ndi 27.5. Uwu ndiye wofunika kuufunsa mafunso. Popanda themomita, wolandira wabweza mayi wosalakwa n'kulandira mkaka wokayikitsa m'mawa umodzi womwewo.

Kukonza kumeneku kuli ndi malire ake. Kumagwira bwino ngati mkaka wasiyana ndi zolembedwazo ndi madigiri ochepa, asanu kapena kucheperapo. Mkaka umatuluka m'bere uli pa 37°C kapena 38°C, ndipo ukayezedwa uli pa 33°C, kuonjezera 0.2 pa digiri iliyonse sikukwanira chifukwa ukafunda kwambiri umapepuka mofulumirirapo. Zikatero musavutike ndi masamu. Tungani mkaka woyeza, muike chotengeracho m'beseni la madzi ozizira kwa mphindi zochepa, kenako muyeze.

Palinso kena kamene alimi ambiri sakudziwa. Mkaka wongokamidwa kumene umakhala ndi timpweya tambiri, ndipo mafuta ake amakhala adakali osungunuka. Pakapita maola angapo timpweya timachoka, mafuta amayamba kulimba, ndipo nambala imakwera yokha, nthawi zina ndi 1 yathunthu, popanda munthu kukhudza chigubu. M'malabu amafunditsa mkaka woyeza kufika pa 40°C kwa mphindi 5 kenako n'kuuziziritsa kufika pa 20°C kuti mikaka yonse iyezedwe mofanana. Pamzere wa alimi makumi asanu palibe nthawi ya zimenezo, komabe ndi bwino kukumbukira kuti mkaka wokamidwa mphindi 20 zapitazo umaonetsa nambala yotsikirapo pang'ono kusiyana ndi mmene uonetsere masana.

Kayezedwe kake

Choyamba ndi kutakasa. Mkaka ukangokhala, mafuta amakwera pamwamba. Mukatunga pamwamba pa chigubu chimene chakhala ola lathunthu, mwatunga mafuta ambiri ndipo nambala itsika. Mukatunga pansi, ikwera. Zili ngati thobwa: wotunga pamwamba ndi wotunga pansi samwa chinthu chimodzi. Takasani modekha kuchokera pansi kupita pamwamba, osati kukhutchumula, chifukwa kukhutchumula kumalowetsa mpweya, ndipo mkaka wa mpweya ndi wopepuka.

Thirani mkakawo mu silinda, kachibekete kowonda kakatali koyezeramo, mopendeketsa kuti uzitsetsereka m'mbali osachita thovu. Dzazani mpaka pafupi ndi kukamwa. Thovu likakhalapo lichotseni, chifukwa limabisa mzere ndipo limamatirira kugalasi. Silindayo ikhale yotakata ndi yakuya mokwanira kuti lakitomita iyandame yokha osakhudza m'mbali kapena pansi.

Gwirani lakitomita kunsonga ya khosi, muitsitse pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi pamene mukuyembekeza kuti iima, kenako muisiye. Mukaiponya imamira kwambiri, khosi lonse limanyowa, ndipo mkaka womatirirawo umailemetsa n'kupereka nambala yotsika. Dikirani theka la mphindi kapena mphindi imodzi kuti ikhazikike. Kenako werameni, diso lifanane ndi pamwamba pa mkaka. Kuwerenga mutaimirira kumasokeretsa.

Mudzaona kuti mkaka umakwera pang'ono pamene wakhudza khosi la galasi. Popeza mkaka suonekera mkati ngati madzi, anthu amawerenga pamwamba pa kamtunda kameneka. Kapepala kobwera ndi lakitomita kamanena ngati pakufunika kuonjezerapo kanthu. Chachikulu n'choti olandira mkaka onse a pagulu aziwerenga mofanana, osati wa m'mawa pamwamba, wa madzulo pansi. Yezani kutentha nthawi yomweyo, mu silinda momwemo. Mukatha, tsukani lakitomita ndi kuipukuta, chifukwa mkaka woumirapo umailemetsa.

Galasi likachita mng'alu, mkaka umalowa m'kati ndipo limayamba kutsutsa aliyense. Kapepala ka m'khosi nakonso kamatha kusuntha. Ngati m'mawa wina alimi onse, ngakhale okhulupirika aja, mkaka wawo watsika ndi 2, yambani mwakayikira galasi. Gulu lokhala ndi malakitomita awiri lingawaviike mumkaka umodzi n'kuona ngati akugwirizana.

Nambala ikatsika

Tsopano tili ndi nambala yokonzedwa bwino. Ikutiuza chiyani?

Masamu a madzi ndi osavuta. Pa lakitomita, madzi ndi 0. Mukatenga malita 9 a mkaka wa 30 n'kuthiramo lita imodzi ya madzi, mwagawa 270 m'malita 10, ndipo mupeza 27. Ndiye kuti gawo limodzi la madzi pa magawo 10 alionse limatsitsa nambala ndi 3. Mungabwererenso chammbuyo: ngati mkaka wa khola lina umakhala pa 30 masiku onse, lero wabwera pa 24, watsika ndi 6 pa 30, kusonyeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chigubucho ndi madzi. Mkaka wa 24 kapena 22 sufuna mlandu wautali. Palibe ng'ombe yathanzi imene imatulutsa wotere.

Povuta ndi pa 26 ndi 27. Apa madzi angakhalepo, mwadala kapena mwangozi, monga otsalira m'ndowa kapena m'chigubu chimene chinatsukidwa koma osaumitsidwa. Theka la kapu m'malita awiri a mkaka ndi lokwanira kutsitsa nambala. Koma ng'ombe nayo imatha kutsitsa mkaka wake. Matenda otupitsa bere, amene alangizi amati masitaitisi, amachepetsa shuga wa mumkaka, ndipo mkakawo umapepuka n'kumamveka kamchere. Ng'ombe imene yasowa chakudya chokwanira, monga m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene nsenjere zauma ndipo madeya akwera mtengo, imatulutsanso mkaka wopepukirapo. Mkaka wotsiriza pokama umakhala ndi mafuta ambiri kuposa woyambirira, choncho mlimi amene wabweretsa wotsirizawo wokha angapeze nambala yotsika chifukwa cha mafuta.

Njira yachilungamo yothetsera mkangano wotere ndi kupita kukhola. Wa komiti afike nthawi yokama, aone ndowa kuti ndi youma, ng'ombe ikamidwe yonse iye akuona, ndipo mkakawo uyezedwe ndi lakitomita yomweyo pa kutentha komweko. Ukatuluka 27 pamaso pake, vuto lili ndi ng'ombe, ndipo wofunika kuitanidwa ndi mlangizi wa ziweto. Ukatuluka 31, mlimi ali ndi zoti afotokoze.

Onaninso mbali ina ya malire. Ng'ombe imene mkaka wake umakhala pa 32, mwini wake atathiramo lita imodzi ya madzi pa malita 9, nambala ifika pa 28.8 ndipo mkakawo udutsa bwinobwino pa malire a 28. Mnzake wa ng'ombe ya 28 akangolakwitsa pang'ono, wabwezedwa. Kwa ine, buku lolembamo nambala ya mlimi aliyense tsiku ndi tsiku limaulula zambiri kuposa malirewo. Mkaka umene wakhala pa 32 mwezi wathunthu kenako n'kugwera pa 28.5 mwadzidzidzi ukunena kanthu, ngakhale sunaswe lamulo.

Nambala ikakwera

Anthu ambiri amaganiza kuti nambala yokwera ndi mkaka wabwino koposa. Si choncho nthawi zonse. Kumbukirani kuti mafuta amatsitsa densite. Mukawachotsa, nambala imakwera. Mkaka wochotsedwa mafuta onse umafika pa 34 mpaka 36. Choncho mkaka wa 35 wooneka wamadzimadzi, woyera mopita kubuluu, mwina wagona usiku ndipo wina waengula mafuta a pamwamba.

Mkaka woyamba wachikasu uja, umene ng'ombe imatulutsa ikangobereka, ndi wolemera kwambiri, umatha kupitirira 50, moti lakitomita wamba imayandama kupitirira manambala ake onse. Ukasakanizidwa ndi mkaka wina umakweza nambala. Umenewu ndi wa mwana wa ng'ombe, ndipo suyenera kupita kukagulitsidwa m'masiku oyambirira ng'ombe itabereka, chifukwa umagwirana ukatenthetsedwa.

Pamene galasi limanamizidwa

Popeza kuchotsa mafuta kumakweza nambala ndipo kuthira madzi kumaitsitsa, munthu wochita zonse ziwiri amabwezera nambala pamalo pake. Tengani malita 10 a mkaka wa 30 wokhala ndi mafuta magawo 4 pa 100. Mukaengula theka la mafutawo, nambala ikwera kufika pafupifupi 32. Mukathiramo madzi opitirira pang'ono theka la lita, ibwerera pa 30. Lakitomita iona mkaka wabwino kwambiri, chonsecho mafuta atsala osakwana magawo 2. Chimodzimodzi ndi shuga, mchere kapena ufa: chilichonse chosungunuka kapena chosakanikira chimalemetsa madzi, ndipo galasi silisiyanitsa kulemera kwa shuga wa mumkaka ndi kwa shuga wa m'sitolo.

N'chifukwa chake lakitomita siyenda yokha. Mphuno ndi maso zimayamba. Ufa umagwidwa ndi dontho la ayodini, limene limasandutsa mkakawo kukhala wabuluu. Mafuta amayezedwa paokha, ndi njira ya Gerber yogwiritsa ntchito asidi ndi makina ozunguza, kapena ndi makina amagetsi amene magulu ena ndi makampani ali nawo. Mukakhala ndi nambala ziwirizi, ya lakitomita ndi ya mafuta, mungawerengere zolemera zija za gulu loyamba, zimene pamakina zimalembedwa kuti SNF. Imodzi mwa njira zodziwika, ya lakitomita ya 20°C, ndi iyi:

```
SNF = 0.25 × L + 0.22 × F + 0.72
```

L ndi nambala yokonzedwa ya lakitomita, F ndi mafuta pa 100. Mkaka wa 30 wokhala ndi mafuta 3.8 umapereka 7.5 kuphatikiza 0.84 kuphatikiza 0.72, zonse pamodzi pafupifupi 9.1. Ndi mkaka wabwino, chifukwa malire ofala m'mayiko ambiri ndi 8.5. Mkaka womwewo ukathiridwa madzi mpaka kufika pa 26, mafuta amatsika kufika pafupifupi 3.3, ndipo SNF imagwera pafupi ndi 7.9. Madzi amatsitsa zonse pamodzi. Kuengula kumatsitsa mafuta okha n'kukweza lakitomita. Nambala ya lakitomita ikakhala yabwino koma mafuta ali pansi kwambiri, ganizirani za kuengula kophatikiza ndi madzi. Umboni wamphamvu wa madzi umapezeka m'labu, poyeza kuzizira kumene mkaka umaundana: mkaka weniweni umaundana pafupifupi pa −0.52°C, ndipo madzi othiridwamo amakokera nambalayi kufupi ndi 0.

Za ukhondo ndiye lakitomita siidziwa kalikonse. Mkaka wodzaza majeremusi, kapena wa ng'ombe imene ikubayidwa mankhwala, ungaonetse 30 wosalala. Umene wayamba kusasa amaugwira ndi muyeso wina, wosakaniza mkaka pang'ono ndi alikoholo wa mphamvu ya 68 mpaka 70 pa 100 mofanana muyezo: wosasa umagwirana timibulu pomwepo. Ndipo mkaka ukafika pokhala chambiko, musavutike n'kuviikamo galasi, chifukwa limangokodwa m'zibuluzo n'kuima paliponse pamene lakodwapo.